Manambala atatu afanane musanaphatikize

Opanga mapulogalamu a pakompyuta akafuna kutulutsa mtundu watsopano, mnzawo amayamba waunika pempho lophatikiza zosinthazo. Iye amayang'ana malo atatu.

Tinene kuti mtundu wakale ndi 2.3.1. Ngati angokonza cholakwika, mu `package.json` mulembedwe 2.3.2, ngati awonjezera chinthu chatsopano osasokoneza zakale, mukhale 2.4.0. Kenako atsegule `CHANGELOG.md`: pamwamba pakhale mutu wa 2.4.0, tsiku lake, ndi zimene zasintha.

Chachitatu ndi chizindikiro cha Git, `v2.4.0`. Lamulo la `git tag --list` limaonetsa ngati dzinalo linagwiritsidwapo kale ntchito. Chizindikirochi chiikidwe mutaphatikiza, chifukwa kuphatikiza kwa `squash` kumapanga `commit` yatsopano, ndipo choikidwa msanga chimatsala chikuloza yakale.