Tsiku loponya ku banki m'khonde: uthenga wokumbutsa uzinena chiyani?

Bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana. Amene bokosilo limagona kwawo sakhala ndi kiyi. Ndiye tangoganizani anthu 20 asonkhana, aliyense ndalama wamanga pachitenje, koma mayi mmodzi wosunga kiyi ali kuchigayo poti akuyesa msonkhano ndi mawa. Bokosi silitsegulidwa, timabuku todindamo masheya tili m'kati momwemo, ndipo anthu amabalalika osaponya. Ndalama yobwerera kunyumba sichedwa kupeza ntchito: mchere, sopo, mwana wabwezedwa kusukulu.

Njira yosungira ndalamayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo magulu ambiri amakumana sabata iliyonse. Amenewo tsiku limawalowa m'magazi. Oiwala ndi magulu okumana kamodzi pamwezi, monga a anthu apantchito ndi ageni m'matauni. Apa m'pamene uthenga wa mlembi umakhala ndi ntchito.

Tiyerekeze gulu limene sheya imodzi ndi K2,000, ndipo munthu amaloledwa kugula imodzi mpaka zisanu. Mlembi wodziwa ntchito yake angalembe chonchi:

"Mamembala nonse, tikukumbutsana kuti tikumana Loweruka pa 7 Juni, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ya mkombaphala. Sheya ndi K2,000, ya zadzidzidzi K500. Amene tili ndi ngongole tibwere ndi chiongoladzanja. Wochedwa alipira K200. Osunga makiyi, chonde fikani msanga."

Taonani kuti tsiku latchulidwa pawiri, dzina lake ndi deti lomwe. Mukangoti "Loweruka likubwerali", munthu amene foni yake inatha moto n'kudzawerenga patapita masiku aganiza za Loweruka lina. Nthawi nayo ikhale ya pawotchi. "Chakumasana" kwa wina ndi 1 koloko, kwa wina ndi dzuwa litapendeka, ndipo faindi ya wochedwa simungam'lipiritse munthu amene simunamuuze ola. Mawu akuti "malo athu a nthawi zonse" amasokoneza gulu likamasinthasintha makomo kapena nthawi ya dzinja, pamene mvula imathamangitsira anthu m'kalasi kapena m'tchalitchi.

Chovuta kwambiri ndi zimene uthengawo suyenera kunena. M'gulu lathu lija, aliyense akagula masheya atatu, pamphasa pagwa K120,000, kuwonjezapo K10,000 ya zadzidzidzi ndi ngongole zimene zikubwezedwa. Kulengeza pawayilesi ya m'dera kapena pachimkuzamawu kuti ndalama zotere zikhala pakhomo pa auje 2 koloko n'kuitana akuba ndi pakamwa panu. Uthenga womveka kwa aliyense ungotchula dzina la gulu, tsiku ndi nthawi, basi. Za ndalama ndi za malo enieni zidutse pafoni kapena pakamwa, makamaka mwezi wogawana, pamene ngongole zonse zabwerera ndipo bokosi lalemera.

Mayina a angongole nawo asalowemo. Mayi amene anatenga K30,000 pa chiongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse akudziwa yekha kuti K3,000 ikumudikira. Mukam'tchula pagulu la WhatsApp, pomwe amuna a eni mafoni ndi ana omwe amasuzumirapo, mwam'chititsa manyazi, ndipo wamanyazi ndi amene amajomba. Nkhani yake ikakambidwe pamsonkhano, malamulo a gulu ali pamanja.

Palinso kamsampha kamene alembi ambiri sakadziwa. Uthenga wa WhatsApp wotumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, kudzera pamndandanda osati pagulu, umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo. Mukaona kachizindikiro kamodzi kokha kotuwa, dziwani kuti sunafike. Nanga agogo amene ali ndi foni yamabatani, kapena alibiretu? Mlembi awagawe mayina, kuti aliyense wolandira uthenga akhale ndi mnzake womuuza pamaso. Kutumiza kukatsala masiku atatu kumapatsa munthu mpata wogulitsa tomato wake kapena kugwira kaganyu, kenaka n'kukumbutsanso dzulo lake madzulo.

Chenjeraninso ndi uthenga wobwera mwadzidzidzi wonena kuti malo asintha, kapena woti amene sabwera atumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yachilendo. Akathyali amalemba ngati ndi anthu odziwana nanu. Musanatumize ngakhale K500, imbirani wapampando pa nambala imene mumaidziwa kale, mumve mawu ake.