Kalata yochenjeza wogwira ntchito wokonda kuchedwa

Tiyerekeze kuti pasitolo ina ku Limbe amatsegula 7 koloko m'mawa, koma wogulitsa wina wachedwa kanayi m'mwezi wa Marichi, mwina ndi mphindi 25, mwina 40. Makasitomala amangoima pakhonde. Bwana anamudzudzulapo kale pakamwa, koma sizinasinthe. Apa mpamene kalata yochenjeza imalowa.

Asanagwire cholembera, bwana wachilungamo amayamba wamuitana munthuyo kuti amve mbali yake. Mwina mwana ali m'chipatala, mwina wasamukira kutali komwe minibasi zimavuta m'mawa. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limalola olemba ntchito kupereka chenjezo lolembedwa ngati chilango, koma limafuna kuti chilangocho chikhale choyenerana ndi cholakwacho.

Kalata yabwino simangoti "mumachedwa nthawi zonse". Imatchula tsiku lililonse ndi nthawi yomwe munthuyo anafika, monga zalembedwera m'buku losainira pofika. Imakumbutsa tsiku lomwe anadzudzulidwa pakamwa, imanena zomwe iye anayankha, nthawi yoyenera kufika, ndi chomwe chidzachitike akapitiriza kuchedwa.

Wogwira ntchitoyo amasaina posonyeza kuti walandira, osati kuti wavomera mlandu. Akakana kusaina, mboni imalemba kuti kalatayo yaperekedwa pamaso pake. Pepala lina amatenga mwiniwake, lina limalowa m'fayilo yake.

Nkhani ikadzafika ku ofesi ya zantchito kapena kubwalo la milandu ya zantchito, fayiloyo ndiyo idzasonyeze ngati munthuyo anamvedwa ndi kupatsidwa mpata wosintha.