Madola anu akwanadi? Werengani sitetimenti mzere ndi mzere

Mwezi ukatha, ambiri amene ali ndi akaunti ya ndalama zakunja amangothamangira nambala ya pansi penipeni pa sitetimenti, n'kupinda pepalalo. Komatu nambala imeneyo singakuuzeni pamene ndalama yadontha. Kudonthako kumaonekera m'mizere ya pakati, ndipo kuti mukupeze mungofunika cholembera, kakyuleta ya pa foni ndi sitetimenti ya mwezi wapitawo.

Tiyerekeze mayi wa ku Lilongwe amene amatumiza madengu kunja, ndipo ali ndi akaunti ya madola. Manambala onse a mayiyu ndi ongoyerekeza. Choyamba aone ngati ndalama yotsegulira mwezi uno ikufanana ndi imene inatsekera mwezi watha. Tinene kuti ndi $2,400.

Kasitomala wake wamuuza kuti watumiza $1,500, koma pansi pa Credit, pomwe pamalembedwa zolowa, pakuoneka $1,475. Madola 25 apita kuti? Asanakwiyire banki yake, mayiyu apemphe wotumizayo chikalata cha SWIFT, chimene ambiri amachitcha MT103. Mmenemo muli zilembo zitatu zonena amene alipire ulendo wa ndalamayo. OUR ndiye kuti wotumiza walipira zonse. SHA ndiye kuti agawana: wotumiza walipira banki yake yokha, zotsalazo zigwera wolandira. BEN ndiye kuti mtolo wonse uli pa wolandira. Madola safika mwachindunji, nthawi zambiri amadzera kubanki ina ya pakati, kawirikawiri ya ku America, ndipo nayonso imadulapo yake. Choncho ngati palembedwa SHA, madola 25 aja adziwika kumene apita. Koma ngati palembedwa OUR, mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chofunsira.

Pansi pake pali $10 imene banki yake yadula polandira ndalamayo. Imeneyi aiyerekeze ndi mndandanda wa machaji umene banki imaika poyera m'nthambi zake.

Pofunika kudekha kwambiri m'posintha ndalama. Mayiyu anasintha $1,000 kuti alipire oluka madengu. Banki imakhala ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Mukamasintha madola kukhala makwacha, banki ndiyo ikugula kwa inu, ndiye imagwiritsa ntchito mtengo wogulira, womwe ndi wotsikirapo. Apa m'pamene anthu ambiri amakangana ndi kalaliki pachabe, atawerengera mtengo wogulitsira umene anauona pa bolodi. Tinene kuti tsikulo wogulira unali K1,720, wogulitsira K1,750. Muakaunti yake ya makwacha muyenera kulowa K1,720,000.

Sitetimenti ya madola ingoonetsa kuti $1,000 yatuluka, choncho aiike pambali pa ya makwacha. Agawe makwacha amene alowa ndi madola amene atuluka. Akapeza kuti mwalowa K1,700,000, ndiye kuti dola yasinthidwa pa K1,700, ndipo K20,000 yasowa. Mwina ndi komishoni imene yadulidwa ndalama isanalowe, mwina agwiritsa ntchito mtengo wa tsiku lina. Chilichonse mwa ziwirizi banki iyenera kuchilongosola.

Tsiku musalipeputse. Sitetimenti zambiri zimaonetsa masiku awiri: limene ndalama inalembedwa, ndi la Value Date, limene inayamba kuwerengedwa kuti yalowa kapena yatuluka. Mtengo woyenera ndi umene munagwirizana pa tsiku losinthalo, n'chifukwa chake kapepala kosinthira sikotaya. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa $1,000, kusiyana kwa masiku ochepa kunali kwa ndalama zoposa K500,000.

Chatsala ndi kutsata mzere wa Balance, womwe umaonetsa zotsala pakachitika chilichonse. Pa $2,400 aonjezere $1,475, zikwana $3,875. Achotse $10, zitsala $3,865. Achotse $1,000, zitsala $2,865. Achotsenso $5 yosungira akaunti pa mwezi, zitsala $2,860. Makina a banki salakwitsa kawirikawiri kuphatikiza manambala. Chimene mukusaka ndi mzere umene sunayenere kukhalapo. Sitetimenti ikatsekera pa $2,850, mayiyu ayang'ane ngati $10 ija sinadulidwe kawiri. Ngati banki inabweza ina, payenera kuoneka $10 yolowa, nthawi zina yolembedwa Reversal.

Mukapeza chosagwirizana, musangodandaula pakamwa pa kauntala. Lembani kalata yotchula tsiku, nambala ya mzerewo ndi ndalama imene mukuifunsa, muikepo makope a zikalata zija, ndipo kope yanu aidinde. Chitani zimenezi mwezi womwewo, chifukwa mabanki ambiri amapereka masiku owerengeka otsutsira sitetimenti. Banki ikapanda kukuyankhani mogwira mtima, dandaulo lanu mutha kukalitula ku Reserve Bank of Malawi.