Tsitsi Likayamba Kuthawa pa Mphumi

Woyamba kuona anali wometa. Atafika pokonza mzere wa kutsogolo anaima kaye ndi makina m'manja, kenako anauza kasitomala wake, mnyamata wa zaka 26, kuti mbali zonse ziwiri za mphumi zalowa mkati ndipo mzere sukuongokanso ngati kale. Mnyamatayo atafika kunyumba anafufuza zithunzi zakale mu foni. Wometa uja sananame.

Anzake anamuseka kuti dazi ndi chizindikiro cha chuma. Ena anamulangiza kupaka anyezi kapena mafuta a nsatsi, ena anati vuto ndi chipewa chimene amakonda kuvala. Iye anasankha kupita kuchipatala, ndipo anachita bwino, chifukwa tsitsi limathothoka pa zifukwa zosiyanasiyana ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake.

Dokotala sanathamangire kulemba mankhwala. Anayamba ndi mafunso: zinayamba liti, pamutu pamayabwa kapena ayi, wadwalapo kwambiri posachedwapa, nanga bambo ake ndi amalume ake mitu yawo ndi yotani? Mafunsowa ali ndi cholinga. Munthu amene wadwala malungo aakulu amatha kuyoyoka tsitsi mutu wonse pakatha miyezi iwiri kapena itatu, koma limadzameranso lokha. Zipere zimasiya zigamba zoyabwa, zamfundu, tsitsi lili loduka, ndipo zimafuna mankhwala akumwa. Chindoko chikakhalitsa m'thupi chimasiya timalo toperepeseka apa ndi apo, ndipo chimadziwika poyeza magazi. Nawonso madiredi omangidwa mothina amazula tsitsi la m'mphepete.

Mwa mnyamatayu munalibe chilichonse cha izi. Khungu linali losalala, lopanda chilonda. Tsitsi la kunkhongo ndi la pamwamba pa makutu linali lodzaza bwino, koma la m'ngodya za mphumi linali lopyapyala, lalifupi, lofewa ngati la khanda, ndipo paliwombo panali patayamba kuonekera khungu.

"Achimwene, ili ndi dazi lakumtundu," anatero dokotalayo.

Chimene chimachitika ndi ichi. Thupi la mwamuna limasandutsa gawo lina la homoni ya tesitositeroni kukhala homoni ina yotchedwa DHT. Mwa anthu amene anatengera chibadwa chimenechi, kaya kwa bambo kaya kwa mayi, mizu ya tsitsi la kutsogolo ndi la paliwombo siipirira DHT. Muzu sufa tsiku limodzi ayi. Umafota pang'onopang'ono, ndipo tsitsi likagwa, lolowa m'malo mwake limatuluka lowonda ndi lalifupi kuposa loyambalo, mpaka patapita zaka muzuwo umasiyiratu kutulutsa kanthu. Mizu ya kunkhongo DHT siiyigonjetsa, n'chifukwa chake agogo a dazi lonyezimira amakhalabe ndi tsitsi lozungulira m'mbali. Chipewa sichilakwa kanthu pamenepa. Ngakhalenso kupeza tsitsi m'chipeso si umboni, pakuti munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku.

Madokotala amayeza kukula kwa dazi ndi magawo 7 amene Dr. O'Tar Norwood wa ku America anawalongosola mu 1975. Mnyamatayu anali cha pagawo lachitatu, pamene mizu yambiri imakhala idakali moyo.

Mankhwala odalirika alipo awiri. Oyamba ndi minokisidili wa 5 peresenti, wopaka pakhungu louma m'mawa ndi madzulo. M'masabata oyambirira tsitsi limatha kuthothoka kuposa kale, ndipo apa m'pamene ambiri amataya mtima n'kusiya, chonsecho ndi tsitsi lakale likupereka malo kwa latsopano. Achiwiri ndi finasiteraidi, piritsi la miligalamu 1 tsiku lililonse, limene limachepetsa DHT m'thupi. Dokotalayo sanabise kuti amuna ena ochepa akamamwa piritsili chilakolako chawo cha m'banja chimatsika, ena mtima umakhala wosasangalala, ndipo zikatero ayenera kubwerera kuchipatala msanga. Anachenjezanso kuti mayi woyembekezera asakhudze piritsi lophwanyika, chifukwa lingavulaze mwana wamwamuna ali m'mimba.

Mawu ovuta kumva anabwera kumapeto. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho kusintha sikuoneka miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi isanathe. Ntchito yaikulu ya mankhwalawa ndi kusunga tsitsi lomwe latsala. Pamene panayera kalekale sipameranso. Ndipo munthu akasiya, zonse zomwe anapindula zimatha chaka chisanathe. Ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo si aliyense angaikwanitse. Amene angasankhe kumeta mpala n'kuiwala za nkhaniyi sanataye thanzi lililonse, chifukwa dazi la mtundu uwu silivulaza thupi.

Mnyamatayo anawerengera malipiro ake n'kusankha kuyamba ndi mankhwala opaka okha. Dokotala anamujambula mphumi ndi liwombo pamalo owala bwino, n'kumuuza kuti adzabwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, atameta mofanana ndi tsiku limenelo, kuti adzayerekeze zithunzizo n'kuona ngati padzafunike kuwonjezera piritsi.