Kugawa Magulu ndi Mitundu pa Mapu a Kolera

Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, odwala anachuluka m'maboma ochepa monga Lilongwe, Mangochi ndi Blantyre. Pa mapu, odwala amawerengedwa pa anthu 100,000 alionse, kuti boma lisaoneke loipitsitsa chifukwa chongokhala ndi anthu ambiri.

Tiyerekeze kuti boma limodzi lili ndi 400, ambiri osafika 100. Kudula magulu pa 100, 200 ndi 300 kumapaka boma la 5 ndi la 90 mtundu umodzi. Kugawa maboma 28 m'magulu anayi ofanana kumawasiyanitsa, koma la 400 lingagwere pamodzi ndi la 90. Lotereli limafunika gulu lakelake, ndipo malire onse alembedwe pambali.

Mtundu ukhale umodzi, uzidera pamene odwala akuchuluka. Zofiira ndi zobiriwira ena sazisiyanitsa. Boma losatumiza malipoti lijambulidwe mizere, chifukwa likasiyidwa loyera limaoneka ngati lilibe odwala.