Mipopi iwiri ikamalimbana: mpopi uti ugwire ntchito iti?

Aliyense amene anasambapo m'bafa ya mipopi iwiri amalidziwa vutoli. Mukawonjezera madzi otentha kuti afunde, madziwo amayambanso kutuluka ambiri. Mukachepetsa ozizira kuti asachuluke, amakuwotchani. Mpopi uliwonse ukusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuchuluka kwa madzi ndi kutentha kwake.

M'mafakitale mipopi yotere sipotokoledwa ndi manja. Pamakhala makina owongolera, ndipo chowongolera chilichonse chimapatsidwa mpopi umodzi ndi chinthu chimodzi choti chiziyang'anira. Injiniya akalakwitsa pogawa ntchitoyi, zowongolerazo zimayamba kulimbana: china chikakonza zake chimawononga za chinzake, mipopi n'kumangotseguka ndi kutsekeka osakhazikika.

Mu 1966, injiniya wa ku America, Edgar Bristol, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Foxboro, anafalitsa njira yodziwira kagawidwe koyenera. Njirayi imadziwika ndi dzina lachidule lakuti RGA. Mpopi umayesedwa mphamvu kawiri: koyamba chowongolera chinacho chili chozimitsa, kachiwiri chikugwira ntchito. Kenako yankho loyamba amaligawa ndi lachiwiri.

Tiyerekeze kuti tikusakaniza malita 2 a madzi a madigiri 70 ndi malita 8 a madzi a madigiri 20 pa mphindi iliyonse. Tikupeza malita 10 a madigiri 30. Tsopano tiwonjezere lita imodzi ya ozizira. Mpopi wa otentha ukapanda kukhudzidwa, madzi onse awonjezeka ndi lita imodzi basi. Koma chowongolera kutentha chikakhala maso, chiona kuti madzi azizira, ndiye chiwonjezera otentha okwana kota ya lita kuti abwerere pa madigiri 30. Madzi onse awonjezeka ndi malita 1.25.

```
λ = 1 / 1.25 = 0.8
```

Tikayesa mpopi wa otentha, nkhani ikusintha. Lita imodzi ya otentha ifunika malita 4 a ozizira kuti kutentha kusasinthe, choncho madzi awonjezeka ndi malita 5. Tikagawa 1 ndi 5 tipeza 0.2. Manambala awiriwa tikawaphatikiza akukwana 1, ndipo zimatero nthawi zonse. Akapanda kukwana, dziwani kuti masamu alakwika penapake.

Lamulo lake n'losavuta: sankhani nambala yoyandikira 1, chifukwa ikusonyeza kuti mphamvu ya mpopiwo sikusintha kwambiri kaya chowongolera chinacho chikugwira ntchito kapena ayi. Apa mpopi wa ozizira upatsidwe kuchuluka kwa madzi, wa otentha upatsidwe kutentha.

Nambala yochepera ziro ndiyo yoopsa. Imatanthauza kuti mpopi umene umakweza chinthu ukakhala wokha umachitsitsa chowongolera chinacho chikayamba ntchito. Mu 1973, Wood ndi Berry anafalitsa zimene anapeza pa nsanja yotchezera imene inkalekanitsa methanolo ndi madzi. Pa manambala awo, kagawidwe kamodzi kamapereka pafupifupi 2, kena pafupifupi -1. Koyambako kali ndi kulimbana ndithu, koma kachiwiriko n'kokanidwiratu, pakuti chowongolera chimodzi chikangozimitsidwa, chotsalacho chimakankhira kolakwika.

Ngakhale titagawa bwino, 0.8 si 1, ndiye kuti kusokonezana kudakalipo. Apa mainjiniya amawonjezera kachipangizo kolekanitsa zowongolerazo, kamene kamachenjeza mpopi winawo vuto lisanafike. Mpopi wa ozizira ukawonjezera lita imodzi, wa otentha umawonjezera kota nthawi yomweyo, osadikira kuti madzi azizire kaye. Chowongolera kutentha chikawonjezera otentha, ozizira amachepetsedwa ndi muyeso womwewo kuti kuchuluka kusasinthe.

Komabe kachipangizoka kamadalira manambala amene tinakapatsa. Madzi otentha akatsika kufika madigiri 50, kota ija yachepa, pakufunika theka la lita. Ndipo kagawidwe kenikeniko kakhoza kutembenuka. Tikabwerera ku madzi a madigiri 70 aja n'kufuna osakaniza a madigiri 45, mipopi yonse ipereka malita 5, manambala onse akhala 0.5, ndipo palibe kagawidwe koposa kanzake. Pa madigiri 60, otentha akhala malita 8, ndipo mpopi wawo ndi umene uyenera kuyang'anira kuchuluka. Dziwaninso kuti masamu amenewa amangoona pamene zinthu zakhazikika. Sanena kanthu za nthawi imene madzi amatenga kuyenda m'paipi yaitali.

N'chifukwa chake RGA si yowerengera kamodzi n'kuisunga m'kabati. Fakitale ikasintha kagwiridwe ka ntchito, zowongolera n'kuyamba kulimbana, musathamangire kuzichepetsa mphamvu. Yambani mwawerengeranso manambalawa, muone ngati mpopi uliwonse udakali pa ntchito yoyenera.