Kupeza Kukula kwa Bwalo Politema Tizidutswa

Bwalo lozungulira lilibe mbali zowongoka, choncho kukula kwa malo a m'kati mwake sikupimika mosavuta monga munda wa ngodya zinayi. Njira yake ndi kulidula kuchokera pakati kukafika m'mphepete, kupanga tizidutswa tosongoka tofanana, mwachitsanzo 16.

Tizidutswato timayalidwa mumzere mosinthanasinthana, kena nsonga kuloza m'mwamba, kotsatira nsonga pansi. Chotulukapo chimayandikira rekitango, ngakhale m'mphepete mwake muli mabampu. Tizidutswa tikachepera, mabampuwo amaphwa ndipo mbali zopendekeka zimawongoka.

Msinkhu wa rekitangoyo ndi rediyasi, r, mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete. Pa utali ndi pamene ambiri amaphonya. Mzere wozungulira bwalo ndi 2πr, koma wagawika pawiri, theka pamwamba, theka pansi, motero utali ndi πr basi. Kuchulukitsa utali ndi msinkhu kumapereka πr × r = πr².

Bwalo la rediyasi ya masentimita 7, potenga π ngati 22/7, limapereka utali wa masentimita 22, ndipo 22 × 7 ndi masikweya sentimita 154. Wopeza 308 watenga mzere wonse wozungulira m'malo mwa theka.